Komishoni ya makwerero: K20,000 ikabala K101,000

Mkangano wa komishoni pakati pa bwana ndi ogulitsa malonda ake nthawi zambiri suyambira pa kuba. Umayambira pa chiganizo chimodzi cha m'kontrakiti chomwe aliyense amachimva mwakemwake: ukapyola tageti, ulandira 6 peresenti. Funso lomwe ambiri safunsa posaina ndi lakuti, 6 peresenti ya ndalama ziti?

Tiyerekeze kampani yogulitsa masola yomwe ili ndi gulu la maejenti, ndipo aliyense tageti yake pamwezi ndi K5,000,000. Komishoni ili m'makwerero atatu. Malonda ofika K2,000,000 amalandirirapo 2 peresenti, kuchoka pamenepo mpaka pa tageti 4 peresenti, ndipo kupyola tageti 6 peresenti. Mayi wina pagululo wagulitsa katundu wa K6,000,000.

Njira yoyamba imadula ndalamazo m'zigawo, monga momwe msonkho wa pamalipiro umawerengedwera, chigawo chilichonse ndi peresenti yake. K2,000,000 yoyamba ibala K40,000. K3,000,000 yotsatira ibala K120,000. K1,000,000 yapamwamba pa tageti ndi yokhayo yolandira 6 peresenti, yomwe ndi K60,000. Zonse pamodzi, mayiwa apita kwawo ndi K220,000.

Njira yachiwiri imangoona khwerero lomwe munthu wafika, nkuchulukitsa malonda onse ndi peresenti ya pamenepo. Apa mayi omwewa alandira K360,000. Malonda ndi omwewo, kontrakiti ndi yomweyo, koma ndalama zasiyana ndi K140,000.

Njira yachiwiriyi amaikonda ogulitsa, ndipo imawathamangitsadi. Vuto lake lili pamalire. Wina atseke mwezi ndi K4,990,000, mnzake ndi K5,010,000. Woyambayo, pa 4 peresenti, alandira K199,600, pomwe mnzakeyo, pa 6 peresenti, alandira K300,600. Asiyana ndi K20,000 yokha pa malonda, koma m'thumba asiyana ndi K101,000. Munthu amene watsala pang'ono chonchi pa 30 sangokhala manja lende. Agula yekha kanthu m'dzina la mlamu wake, kapena apempha mnzake yemwe tageti yamukanika kuti amubwereke kasitomala, adzagawane phindu. Wina akaona kuti mwezi uno safika, amasunga maoda kuti adzawalowetse mwezi wamawa. Bwana akhoza kuzindikira izi mosavuta: maoda amaunjikana masiku otsiriza a mwezi, ambiri pagulu amatsekera pamwamba pang'ono pa tageti, ndipo katundu wobwezedwa amachuluka sabata yotsatira. Pa njira ya zigawo, anthu awiri aja akadasiyana ndi K1,000 basi, ndalama yosati nkuvutikira kuchita chinyengo.

Chodabwitsa nchakuti makampani ena amalipira njira yachiwiri osadziwa. Wokonza chowerengera mu Excel kapena Google Sheets amalemba tebulo la makwerero, nkugwiritsa ntchito `VLOOKUP` kuti itole peresenti, kenako amachulukitsa ndi malonda onse. Kompyuta siidandaula, chifukwa masamuwo ndi olondola. Cholakwika ndi lamulo lomwe yapatsidwa. Ngati malonda a mwezi ali mu `B2`, njira ya zigawo imalembedwa motere:

```
=MIN(B2,2000000)*2%+MAX(0,MIN(B2,5000000)-2000000)*4%+MAX(0,B2-5000000)*6%
```

`MIN` imaletsa chigawo kupyola malire ake, ndipo `MAX` imateteza kuti yemwe sanafike pa khwerero lina asachotseredwe ndalama. Pagulu lomwe matageti amasiyana, monga wa mtauni ndi wa kumudzi, tageti ya aliyense ikhale m'kabokosi kake pamzere wa dzina lake, fomula izikatenga kumeneko m'malo mwa 5000000 yolembedwa pamanja.

Musanalipire aliyense, yesani chowerengeracho pamalire. Lembani 5000000, chikupatseni K160,000. Onjezerani K1 yokha: komishoni ikwere ndi matambala 6. Ikalumpha ndi masauzande, dziwani kuti mukulipira njira yachiwiri.

Chatsala ndi nambala yolowa mu `B2` ija, ndipo apa mpomwe mabizinesi ang'onoang'ono amapsa. Ndalama ya pa invoisi si ndalama ya m'manja. Kwa ogulitsa pangongole, ndi bwino kuwerengera zomwe kasitomala walipiradi, mutachotsa VAT, poti imeneyo ndi ya boma, komanso katundu wobwezedwa. Ngati katundu wabwerera komishoni italipidwa kale, werengeraninso mwezi womwe adagulitsidwawo, chifukwa kubwezako kungamutsitse munthu khwerero.

Kwa kampani yomwe phindu lake pa katundu ndi lochepa, njira ya zigawo ndiyo yabwino. Wofuna kuti tageti izikoma aikepo bonasi yodziwikiratu, monga K30,000 kwa aliyense woifika. Inu ogulitsa, musanasaine, pemphani abwana akuwerengereni papepala komishoni ya malonda opyola tageti pang'ono, ndipo chitsanzocho chilowe m'kontrakiti.