Kansalu kam'khosi mwa chovala: kuwerenga zizindikiro musanathire madzi

Zovala zambiri zimene timagula pa kaunjika sizithera m'thupi, zimathera m'beseni. Juzi imene inakukwanani bwino pamsika imatuluka pachingwe itafupika, itauma gwaa, kenako mumaipereka kwa mwana. Chikhalirecho wopanga chovalacho anachenjezeratu. Chenjezo lake lili pa kansalu kakang'ono kosokeredwa kukhosi kapena mumsoko wa m'mbali, kamene ambirife timakadula ndi lezala chifukwa kamayabwa.

Musanakadule, kajambuleni ndi foni. Zizindikiro zake ndi zazing'ono kwambiri, koma pachithunzi mutha kuzikulitsa, kuzisunga, ngakhale kutumizira mnzanu wozidziwa. Kujambulako kukufuna chisamaliro. Tambasulani kansaluko ndi zala kuti kasapindike, jambulani pa kuwala kwa masana osayatsa fulashi, chifukwa kansalu konyezimira kamabweza kuwala n'kubisa timadontho. Muonetsetse kuti mzere wonse walowa, pamodzi ndi mpata wa pansi pake, pakuti timizere tofunika kwambiri timakhala kumeneko. Yang'ananinso kuseri kwake.

Zizindikirozi zinachokera ku bungwe la GINETEX, lomwe linakhazikitsidwa ku Paris mu 1963, ndipo lero zili mu muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 3758. Zikuluzikulu ndi zisanu: beseni la madzi likunena za kuchapa, chamakona atatu za jiki, bokosi za kuyanika, simbi za kusita, ndipo chozungulira za kuchapitsa kwa akatswiri a dirayi kilini. Chilichonse chodulidwa ndi X ndiye kuti n'choletsedwa.

Tiyeni titenge chovala chimodzi, juzi ya ubweya wa nkhosa yochokera m'belo. Pachithunzi pakuoneka beseni lolembedwa 30, pansi pake pali timizere tiwiri. Chamakona atatu chodulidwa. Bokosi lokhala ndi chozungulira m'kati, nalonso lodulidwa. Bokosi lina lokhala ndi mzere umodzi wogona ndi kamzere kopendekera pakona. Simbi ya madontho awiri. Pomaliza chozungulira cholembedwa P.

Nambala ya m'beseni ndi malire a kutentha kwa madzi, osati lamulo loti muwatenthetse mpaka pamenepo. Pa 30 madzi ozizira a pampopi kapena pamjigo ndi abwino ndithu. Mulibe choyezera, koma muli ndi dzanja: thupi la munthu limatentha pafupifupi madigiri 37, choncho madzi amene mukuwamva kufunda bwino apitirira kale 30. Timizere tiwiri tija tinalembedwera makina ochapira, kuwauza kuti azungulire mofatsa kwambiri. Kamzere kamodzi ndi mofatsa chabe. Ife ochapa pamanja tisanene kuti sizikutikhudza. Ubweya wa nkhosa uli ndi timamba tosaoneka ndi maso, ndipo ukakumana ndi madzi otentha, sopo ndi kufikisa, timambato timakolana, osamasukanso. Ndiye chifukwa chake juzi ikafupika siibwerera, ngakhale muikoke bwanji. Manja a mayi wozolowera kuchapa majinzi pamwala ali ndi mphamvu yoposa imene timizere tiwiriti tikulola. Tanthauzo lake kwa ife ndi ili: sungunulani sopo pang'ono m'madzi ozizira, viikani juziyo kwa mphindi zochepa, muziipsinja mofatsa ndi zikhato, osafikisa, osamenyetsa pamwala, osagwiritsa ntchito bulashi. Madzi otsukuluzira akhale ozizira chimodzimodzi. M'beseni mukakhala dzanja m'malo mwa nambala, akunena kuti chichapidwe pamanja pokha, madzi asapitirire 40.

Chamakona atatu chodulidwa sichivuta: jiki ayi, ngakhale kadontho. Jiki amadya ubweya ndi silika. Chikakhala chopanda kanthu m'kati jiki ndi wololedwa, koma chikakhala ndi mizere iwiri yopendekera akulola mankhwala oyeretsa ofatsa okha, opanda kolorini, ndipo jiki wathu wa masiku onse sali m'gulu limenelo.

Pa bokosi ndi pamene chithunzi chimapusitsa anthu. Lokhala ndi chozungulira m'kati likunena za makina oumitsira ndi mpweya wotentha, omwe m'nyumba zambiri kwathu kuno mulibe, ndiye tilidumphe. Lofunika ndi linalo. Mzere woima m'bokosi ukutanthauza kuyanika pachingwe. Mzere wogona ukutanthauza kuyanika chogoneka. Tsopano foni ikatembenuza chithunzi, woima uja amaoneka wogona, wogona n'kuoneka woima, ndipo malangizo asanduka otsutsana nawo eni ake. Musanawerenge bokosi, yambani mwaona beseni: kukamwa kwake kuloze kumwamba, simbi ikhale pa tsinde lake. Zikatero chithunzi chaima bwino. Mizere ikakhala iwiri, chovala chiyanikidwe chikudontha, osachifinya. Pa zovala zakale mupezanso bokosi lokhala ndi kamzere kokhota pamwamba, komwe kakunena chingwe, kapena mizere itatu yoima, yomwe ikunena kudontha.

Juzi yathu ili ndi mzere wogona ndi kamzere ka pakona, kamene kakutanthauza mthunzi. Juzi yonyowa imalemera, ndipo mukaikoleka pachingwe madziwo amaikokera pansi, mikono n'kutalika, mapewa n'kutuluka nyanga za mapegi. Ikulungeni m'thaulo louma, psinjani kuti thaulolo limwe madzi, kenako iyaleni pa thaulo lina pamkeka, pakhonde pomwe pakupita mphepo. Ikonzeni ndi manja kuti ibwerere m'maonekedwe ake isanaume. Dzuwa la mwezi wa Okutobala limafwifwitsa mtundu msanga, makamaka wakuda ndi wofiira.

Madontho a pasimbi amakwera ndi kutentha: limodzi ndi pafupifupi madigiri 110, la nayiloni ndi zina zosungunuka msanga, awiri ndi 150, a ubweya ndi poliyesitala, atatu ndi 200, a thonje ndi bafuta. Simbi yamagetsi ili ndi madontho omwewa pa kotembenuzira kake, mungofananitsa. Simbi yamakala ilibe, koma ili ndi khalidwe lodziwika: imapsa kwambiri makala akangokolera, kenako imazizira pang'onopang'ono. Yambani ndi zitenje ndi malaya a thonje, za madontho awiri zibwere pambuyo, za dontho limodzi kumapeto. Juziyo muitembenuze, muyale kansalu ka thonje konyowa pang'ono pamwamba, muzidinda simbi m'malo moikhwekhwereza. Yesani kaye m'mphepete mwa m'kati. Simbi ikamamata, kapena nsalu ikayamba kunyezimira, mwapyola malire, ndipo kunyezimira kwa nsalu yosungunuka sikuchoka.

Chozungulira cholembedwa P chimaopseza anthu pachabe. Chilembocho ndi uthenga wopita kwa a dirayi kilini, wowauza mankhwala oyenera, monganso F. W ndi kuchapa kwawo kwa madzi. Sichikukakamizani kupita nayo kumeneko ngati beseni silinadulidwe. Beseni likadulidwa, monga zimakhalira pa majekete ambiri a suti, pamenepo mverani, chifukwa m'kati mwa jekete muli nsalu zomatidwa zimene zimatupa matuza zikanyowa.

Mabelo amasakaniza zovala za m'mayiko osiyanasiyana, choncho mudzakumana ndi beseni lopanda nambala koma lokhala ndi madontho. Imeneyo ndi njira ya ku America: dontho limodzi ndi 30, awiri ndi 40, atatu ndi 50, anayi ndi 60. Mukaona 105 yotsatana ndi F musawiritse madzi, ndi 40 yomwe ija m'kawerengedwe kawo. Ndipo kansalu kakafufutika moti simungasiyanitse 30 ndi 60 ngakhale mutakulitsa chithunzi, tengani yaing'onoyo, chapani chovalacho pachokha m'madzi ozizira, muone ngati chikuchucha mtundu musanachisakanize ndi malaya oyera a yunifolomu.