Chiyankhulo cha malembo 12: momwe akatswiri amawerengera maliwu

Pa chilumba cha Bougainville, ku Papua New Guinea, kuli anthu pafupifupi 4,000 oyankhula Chirotokasi, chiyankhulo chomwe alifabeti yake ili ndi malembo 12 okha: A, E, G, I, K, O, P, R, S, T, U ndi V. Mu 1969 Irwin ndi Jacqueline Firchow, amishonale amenenso ankafufuza za ziyankhulo, adasindikiza lipoti lonena kuti Chirotokasi cha m'dera lapakati chili ndi maliwu 11 osiyanitsa mawu, makonsonanti 6 ndi mavawelo 5. Chiwerengerochi n'chimodzi mwa zochepetsetsa padziko lonse. Komatu wotchera khutu kumeneko amamva maliwu ochuluka kuposa apa. Nanga enawo adapita kuti?

Yankho lagona pa kusiyana kwa liwu limene khutu lamva ndi liwu limene eni chiyankhulo amaliwerengera. Lachiwirili akatswiri amalitcha fonimu. Mchewa akanena "kama" n'kunenanso "khama", chasintha n'kampweya kotuluka pambuyo pa k basi, koma tanthauzo lachoka pa bedi lapita pa kulimbikira. N'chimodzimodzi "pala" ndi "phala". Mawu awiri otere, ofanana paliponse kupatula liwu limodzi koma osiyana tanthauzo, ndiwo umboni wakuti k ndi kh ndi mafonimu awiri m'Chichewa. M'nkhani ino tiwatcha mawu amapasa. Mngerezi naye amatulutsa maliwu onse awiriwo, koma kwa iye kampweyako sikasintha tanthauzo la mawu alionse, n'chifukwa chake amavutika kukamva akamaphunzira Chichewa.

Wofufuza amene wafika pa chiyankhulo chosalembedwa sadziwa kuti ndi kusiyana kuti komwe kuli ndi ntchito. Njira imene ambiri amatsata ndi yomwe Kenneth Pike wa ku America adaifotokoza m'buku lake la mu 1947, atagwira ntchito pakati pa Amikisiteki a ku Mexico kuyambira mu 1935. Pike ankatha kuyamba popanda womasulira: ankanyamula tsamba, kamtengo kapena mwala, n'kulemba chimene mwini chiyankhulo wanena. Mawu akasonkhanitsidwa mazanamazana, amalembedwa ndi zizindikiro zapadera zosonyeza chilichonse chimene chamveka, ngakhale chooneka chachabechabe. Pa siteji imeneyi kulemba mopyola muyeso n'kwabwino kusiyana ndi kulemba moperewera, pakuti chimene sichidalembedwe sichingadzafufuzidwenso.

Kenako maliwu onse amaikidwa pa tchati malinga ndi malo amene amapangikira m'kamwa: a pamilomo, a kuseri kwa mano, a kukhosi. Oyandikana pa tchatipo, monga p ndi b kapena d ndi r, ndiwo okayikitsa. Palibe amene amataya nthawi kuyerekeza m ndi k. Pa maliwu awiri okayikitsa alionse wofufuza amasanthula kope lake kufuna mapasa, ndipo akawapeza amabwerera kwa mwini chiyankhulo. Samufunsa ngati maliwuwo ali osiyana, poti limenelo ndi funso la m'kalasi. Amamuseweretsera mawu amodzi mwa awiriwo n'kumupempha kuti aloze chinthu chimene chatchulidwa. Anthu angapo akamaloza molondola nthawi zonse, nkhani yatha: mafonimu ndi awiri.

Pa Chirotokasi chapakati, p, t ndi k adasiyanadi ndi anzawo onjenjemeretsa kholingo. Zodabwitsa zidali mwa anzawowo. Pamilomo pankamveka b, nthawi zina liwu lofewa lokhala ngati v, nthawi zina m. Kuseri kwa mano kunkamveka r, d, l kapena n. Kukhosi kunkamveka g, g wina wofewa, kapena ng'. Palibe mawu awiri amene adasiyana tanthauzo chifukwa cha kusinthanaku, choncho gulu lililonse lidawerengedwa ngati fonimu imodzi, ndipo lero amalemba V, R ndi G. Banja la a Firchow lidaonanso kuti maliwu a m'mphuno ngosowa m'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku. Ankamveka makamaka eni ake akamatsanzira mlendo amene akuvutika ndi chiyankhulo chawo. Ndiye kuti kwa iwo kunena m m'malo mwa b si kutchula mawu ena ayi, koma kuyankhula mwachilendo.

Nkhani ya t ndi s ndi ina. Awiriwa sasinthana mwachisawawa: s amapezeka patsogolo pakakhala i, pomwe t amapezeka ndi mavawelo enawo. Poti sakumana pa malo amodzi, sangapange mapasa, ndipo amatengedwa ngati nkhope ziwiri za fonimu imodzi. Apa ndi pamene pachokera kusiyana kwa 11 ndi 12 kuja, chifukwa alifabeti idapatsa S lembo lakelake ngakhale si fonimu yapayokha. Mchewa sangadabwe nazo. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amati r alembedwe pambuyo pa i ndi e, monga mu "lira" ndi "bwera", ndipo l alembedwe kwinako, koma wonena "lelo" m'malo mwa "lero" sanatchule tsiku lina.

Apa m'pamene wofufuza ayenera kuchenjera. Kupeza mapasa ndi umboni wokwanira, koma kusawapeza si umboni wa kanthu pakokha. Mwina mawu osonkhanitsidwa ngochepa. Mwinanso chiyankhulocho sichilola maliwuwo kukumana: m'Chingerezi h amangoyamba phatikizo pomwe ng' sayamba mawu, koma palibe amene amati ndi fonimu imodzi, chifukwa safanana m'pang'ono pomwe. Mapasa enieni akasowa, wofufuza amadalira mawu oyandikira kufanana, amene maliwu okayikitsawo azunguliridwa ndi maliwu omwewo ngakhale kwinaku kuli kosiyana.

Vuto lina limabwera chambuyo. Kope likasonyeza mawu awiri olembedwa chimodzimodzi, mwini chiyankhulo n'kumakana kuti safanana, kawirikawiri wolakwa ndi khutu la wolembayo. Mlendo angalembe "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika ngati mawu amodzi, pomwe Mchewa amakweza liwu pakati pa oyambawo. M'Chirotokasi chapakati chotere ndi kutalika kwa vawelo, komwe kumasiyanitsa mawu. Wowerengera mavawelo aatali paokha amapeza mavawelo 10, ndipo mafonimu onse amafika 16. Chiwerengero chotchuka cha 11 chija chimadalira pa kuona vawelo yaitali ngati mavawelo awiri otsatizana, ndipo mapasa paokha sangagamule mkangano umenewu.

Mu 2006 katswiri wina, Stuart Robinson, adasindikiza zimene adapeza pa Chiaita, nthambi ina ya Chirotokasi chomwecho. Kumeneko mapasa adapezeka: b ndi m amasiyanitsa mawu, ndipo maliwu a m'mphuno atatu, m, n ndi ng', ndi mafonimu apaokha, zomwe zimafikitsa makonsonanti pa 9. Lipoti la mu 1969 silidaname pa za dera lapakati. Poyerekeza mawu a nthambi ziwirizi, Robinson adaona kuti pamene Chiaita chili ndi b m'mawu ena ndi m m'mawu ena, chapakati chili ndi liwu limodzi pa onsewo. Palibe lamulo lolosera kuti ndi mawu ati a Chiaita amene atenge m, choncho kusiyanako kuyenera kuti n'kwakale, ndipo a m'dera lapakati ndiwo adakutaya.