Musanagule eyakoni, werengani sitika ya magetsi ngati munthu wogula mayunitsi

Okutobala akafika, m'masitolo ogulitsa zipangizo zamagetsi mumadzaza anthu ofunsa mitengo ya maeyakoni. Wogulitsa amakutengerani pa makina amene akufuna kuti achoke, n'kukulozerani sitika yamikwingwirima yobiriwira ndi yofiira imene yamatidwa pa katoni. "Bwana, iyi ndiye sidya magetsi," amatero. Ambiri timangoyang'ana chilembo chachikulu kapena kuwerenga nyenyezi, basi n'kuyamba kunenerera mtengo. Komatu mtengo wa m'sitolo timalipira kamodzi kokha, pomwe mayunitsi timagula mwezi ndi mwezi mpaka makinawo adzafe.

Nambala yofunika kwambiri pa sitikapo ndi ija yotsatana ndi zilembo za kWh. Yuniti imodzi imene mumathira m'mita ya ESCOM ndiyo kWh imodzi, kutanthauza magetsi amene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Choncho sitika ikalemba kuti 240 kWh/annum, ikunena kuti makinawo adzadya mayunitsi 240 pa chaka. Mukachulukitsa nambalayi ndi mtengo wa yuniti, mwapeza ndalama ya pachaka. Mtengo wa yuniti musamvere kwa anthu, chifukwa bungwe la MERA limausintha, ndipo wa panyumba ndi wosiyana ndi wa pabizinesi. Tengani lisiti kapena uthenga wa pafoni wa mayunitsi amene munagula komaliza, gawani ndalama imene munalipira ndi mayunitsi amene munalandira.

Koma pali funso limene sitika siyankha poyera: chaka chimenechi ndi cha ndani?

Maeyakoni amene timagula kuno amachokera kunja, ndipo amabwera ndi sitika za misika imene anawapangira. Sitika ya mayiko a ku Ulaya, ija ya zilembo monga A, A+, A++ ndi A+++, imawerengera kuti makina aziziritsa ndi mphamvu zawo zonse kwa maola 350 okha pa chaka. Kumeneko nyengo yotentha ndi yaifupi. Sitika ya ku India, ija ya nyenyezi, imawerengera maola 1,600 pa chaka. Ndiye mukhoza kupeza makina awiri a kukula kofanana atayimikidwa pamodzi, ena alemba 240, ena alemba nambala yoposa 500, inu n'kuthawa achiwiriwo poganiza kuti ndi adyera. Chonsecho kusiyana kwakukulu kuli pa maola amene anawerengera, osati pa makinawo. Manambala a sitika za mayiko osiyana sayerekezeka mwachindunji, monga momwe simungayerekezere mtengo wa chimanga cha pa ndowa ndi cha pa thumba musanadziwe kuti m'thumba mumalowa ndowa zingati.

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi sitolo ya mankhwala ku Mangochi. Mankhwala safuna kutentha, ndipo makasitomala nawo sachedwa kutuluka m'chipinda chotentha ngati uvuni. Chipinda chake chikufuna makina a 12,000 BTU, amene ndi saizi yofala m'zipinda zapakatikati. Nambala imeneyi siikunena za magetsi amene makinawo amadya ayi. Ikunena kuchuluka kwa kutentha kumene makinawo amatha kutulutsa m'chipinda pa ola, ndipo pa sitika zina amailemba kuti 3.5 kW. Anthu ambiri akaona 3.5 kW amadzidzimuka poganiza kuti mita izidya mayunitsi atatu ndi theka pa ola. Zoona zake n'zakuti eyakoni sipanga kuzizira, imangonyamula kutentha kwa m'chipinda n'kukakutaya panja, ndipo ntchito yonyamulayo imafuna magetsi ochepa kuposa kutentha kumene yanyamula. Makina otere akamagwira ntchito ndi mphamvu zonse amadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola, kapena kupitirirako pang'ono.

Mayiyu wapeza makina awiri a 3.5 kW, onse a sitika ya ku Ulaya. Oyamba ali ndi chilembo A, ndipo pansi pake palembedwa SEER 5.1 ndi 240 kWh/annum. Achiwiri ali ndi A+++, SEER 8.5 ndi 144 kWh/annum. SEER imatiuza kuchuluka kwa kuziziritsa kumene mumapeza pa yuniti iliyonse imene mwalipira, mukawerengera nyengo yonse yotentha, kotero ikakwera ndiye kuti makinawo amasunga magetsi. Manambala atatuwa ndi olumikizana: mukachulukitsa 3.5 ndi maola 350 n'kugawa ndi 5.1, mupeza 240. Mukagawa ndi 8.5 mupeza 144. Kamasamu kameneka n'kothandizanso pogwira sitika yachinyengo, chifukwa yotereyo manambala ake kawirikawiri sagwirizana.

Pofuna kuti masamu aphweke, tingoti yuniti ikugulidwa K200, ndipo makina a A+++ akudula ndi K300,000 kuposa anzawo. Mitengo imeneyi ndi yongoyerekezera, inu muikepo yanu. Tikatsata sitika mmene ilili, kusiyana kwa makina awiriwa ndi mayunitsi 96 pa chaka, amene ndi K19,200. Kuti K300,000 ija ibwerere pangafunike zaka zoposa 15, mwina makinawo atatha kale. Munthu wanzeru zake anganene kuti ndigule otchipawo.

Koma ku Mangochi si ku Ulaya. Mayiyu amatsegula sitolo maola khumi pa tsiku, ndipo tinene kuti masiku ofunika eyakoni ndi 200 pa chaka, kuyambira Seputembala mpaka mvula itatha. Amenewo ndi maola 2,000. Makina sakhala akukoka ndi mphamvu zonse nthawi yonseyi, chifukwa m'mawa ndi pa tsiku la mitambo amapumirako. Tikati pa maola khumi alionse ntchito yake ikufanana ndi maola asanu ndi awiri a mphamvu zonse, tipeza maola 1,400, omwe ndi maola a pa sitika aja kuchulukitsa kanayi. Makina oyamba tsopano akudya mayunitsi 960, achiwiri 576. Kusiyana kwafika pa mayunitsi 384, kapena kuti K76,800 pa chaka, ndipo K300,000 ija yabwerera zaka zinayi zisanakwane. Makina ndi omwewo, sitika ndi zomwezo, koma yankho latembenuka chifukwa cha maola.

Kwa munthu wokhala ku Dedza kapena ku Mzuzu, amene angayatse eyakoni m'chipinda chogona masabata ochepa a Okutobala ndi Novembala, masamu oyamba aja ndiwo oona. Ine sindingamuuze kuti awononge ndalama zambiri pa zilembo zitatu za kuphatikiza.

Pali chenjezo lina kwa anthu a m'madera otentha kwambiri, makamaka ku Chigwa cha Shire. Poyeza SEER amawerengera maola ambiri a nyengo yongofunda pang'ono, pamene panja pali madigiri 20 ndi kanthu, ndipo makina akugwira ntchito mopepuka. Apa ndi pamene makina a invata amaposa anzawo, chifukwa kompuresa yake imachepetsa liwiro m'malo mozima ndi kuyaka. Koma ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene masana a Okutobala ndi Novembala amatha kupitirira madigiri 40, kompuresa imathamanga osapuma, ndipo mwayi wa invata uja umachepa. Choncho mayunitsi 960 ndi 576 aja muwatenge ngati poyambira, mita ikhoza kudya oposa pamenepo.

Kuti mudziwe pamene mita ingafike, siyani sitika yokongolayo muyang'ane kachikwangwani kakang'ono ka m'mbali mwa makina, kapena kabuku kake. Pamenepo pamalembedwa mawati amene makina amakoka poziziritsa ndi mphamvu zonse, komanso nthawi zambiri nambala yotchedwa EER. Imeneyi amaiyeza panja pakutentha madigiri 35, m'nyumba muli 27, zomwe zikufanana ndi masana a kunyanja. Makina a 3.5 kW okoka mawati 1,090 ali ndi EER ya 3.2. Pa maola 1,400 aja angadye mayunitsi 1,526. Kwa mayi wa ku Mangochi uja, nambala yeniyeni ikhoza kugwera pakati pa ya SEER ndi ya EER, ndipo dera likatentha kwambiri imasendera ku ya EER. Ngati pa kachikwangwanipo palembedwa T3, ndiye kuti makinawo anawapangira madera otentha kwambiri ndipo anawayeza pa madigiri 46.

Apa m'pamene wogulitsa wochenjera amapezerapo mpata. Amakuonetsani makina a SEER 6.1 pambali pa a EER 3.2 n'kunena kuti oyambawo amadya theka. Sizoona, chifukwa miyezo iwiriyi ndi yosiyana, ndipo makina omwewo a SEER 6.1 akhoza kukhala ndi EER yongopitirira 3 pang'ono. Yerekezani SEER ndi SEER inzake, EER ndi EER inzake. Mukapezanso EER ya 11, musasangalale msanga: opanga ena amaiwerengera pa BTU, ndipo 11 wotereyo mukamugawa ndi 3.412 amabwerera pa 3.2 yemwe uja.

Nyenyezi nazo zimakalamba. Pa sitika ya ku India pamalembedwa zaka zimene mlingowo ukugwira ntchito, chifukwa boma la kumeneko limakweza malire pakapita zaka zingapo. Makina amene anali ndi nyenyezi zisanu zaka zapitazo akhoza kulandira zochepa pa mlingo watsopano. Pa sitika ya ku China, nambala 1 ndiyo yabwino koposa, osati nambala yaikulu. Ndipo onetsetsani kuti nambala ya mtundu wa makina imene ili pa sitika ndi yomweyo imene ili pa mbali ya m'nyumba ndi mbali ya panja, poti muyezowo ndi wa mbali ziwirizo zikamagwira ntchito limodzi.

Sitika sidziwa chipinda chanu. Siidziwa kuti denga ndi lamalata opanda siling'i, kuti zenera lalikulu layang'ana kumadzulo, kapena kuti chitseko cha sitolo chimakhala chotsegula. Siidziwanso kuti sefa idzadzaza fumbi, kapena kuti amene anaika makinawo anasiya pothawira gasi. Zonsezi zimawonjezera mayunitsi, ndipo mita yanu ikhoza kukuuzani. Makina akangoikidwa, lembani mayunitsi otsala m'mita m'mawa ndi madzulo pa tsiku limene simunayatse eyakoni, kenako chitani chimodzimodzi pa tsiku lotentha limene yagwira ntchito maola khumi. Kusiyana kwake ndiko chakudya cha eyakoni yanu pa tsiku. Makina a mawati 1,090 sayenera kupitirira kwambiri mayunitsi 11 pa maola khumiwo. Akafika pamenepo tsiku lililonse koma chipinda osazizira, yambani mwatsuka sefa, ndipo zikapanda kusintha itanani mmisiri adzayeze gasi ndi kuona ngati makinawo sanachepere chipindacho.