Webusaiti ya Sukulu: Yambani ndi Funso Lakuti Azilembapo Ndani

Mawebusaiti ambiri a sukulu amafa chaka chisanathe. Mukatsegula mumapeza chithunzi chokongola cha geti ndi uthenga wa mphunzitsi wamkulu, koma chidziwitso chomaliza ndi cha mayeso a MANEB a zaka ziwiri zapitazo. Kawirikawiri vuto silikhala makina. Mnyamata amene anakonza webusaitiyo anapita ndi mawu achinsinsi, ndipo pasukulu palibe amene anaphunzitsidwa kulembapo. N'chifukwa chake musanakambirane za mitundu ndi zithunzi, komiti ya sukulu iyambe yagwirizana kuti azilembapo ndani, nanga azivomereza ndani.

Titenge sukulu ya sekondale yomwe yasankha WordPress, pulogalamu yaulere imene mawebusaiti ochuluka padziko amagwiritsa ntchito. Ubwino wake ndi wakuti munthu aliyense amapatsidwa akaunti yakeyake ndi malire ake. Mphunzitsi wa udindo wa Contributor amalemba chidziwitso koma sangachitulutse kuti anthu achione, ndiponso sangaikepo chithunzi. Wa udindo wa Editor amawerenga zimene ena alemba, kukonza ndi kutulutsa. Administrator ndiye angasinthe chilichonse, ngakhale kuwononga webusaiti yonse mosadziwa.

Choncho aphunzitsi a m'makalasi akhale Contributor, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu akhale Editor, ndipo Administrator akhale anthu awiri okha. Awiri, osati m'modzi, chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa. Mchitidwe wobwerekana akaunti imodzi muukaniretu, pakuti tsiku limene fizi yolakwika yatuluka simudzadziwa amene analemba.

Tione mmene chidziwitso cha tsiku lotsegulira teremu chingayendere. Mphunzitsi amalowa ndi dzina lake, n'kusankha Posts, kenako kulemba mutu womveka: tsiku, teremu, ndi mafomu amene akukhudzidwa. Akamaliza amatumiza kuti chiwunikidwe. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu amachipeza pamndandanda wa Pending, amayerekeza tsikulo ndi kalendala ya Unduna wa Zamaphunziro, n'kudina Publish. Apa ambiri amasokoneza Posts ndi Pages. Zidziwitso zimapita ku Posts chifukwa zimadzisanja zokha, chatsopano pamwamba. Pages ndi za zinthu zosasinthasintha, monga mbiri ya sukulu ndi malamulo a yunifomu. Mukaona chidziwitso chatsopano sichikuoneka patsamba loyamba, yambani mwaona ngati sichinalembedwe ku Pages.

Kumbukiraninso amene akuwerenga. Ndi kholo lili pafoni, bandulo yatsala pang'ono, netiweki ikubwera ikupita. Kujambula kalata ndi foni n'kuika chithunzicho ndi ulesi umene umapweteka kholo lotere: chithunzi chimodzi chikhoza kulemera 4 MB, zilembo zake zosawerengeka, pamene mawu omwewo atatayipidwa amatseguka nthawi yomweyo. Zithunzi zofunikadi zichepetsedwe kufika cha m'ma 200 KB.

Fomu yofunsira malo ikhale yaifupi: dzina la mwana, tsiku lobadwa, kalasi imene akufuna, sukulu imene akuchokera, ndi nambala ya foni ya kholo. Imelo musaikakamize, makolo ambiri alibe. Chofunika kwambiri ndi kumene fomuyo imakafika. Ipite ku imelo ya sukulu imene mlembi wa mu ofesi amatsegula tsiku lililonse, isapite ku imelo ya mphunzitsi. Isungidwenso m'kati mwa webusaiti, chifukwa maimelo a mafomu amakonda kugwera mu Spam. Nyengo yolembetsa isanayambe, dzazani fomu yoyeserera pafoni, muone ngati yafika komanso ngati kholo likuona uthenga wotsimikiza kuti yalandiridwa. Zimene zili m'mafomuwa ndi zachinsinsi za ana, ndipo dziko la Malawi lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinthu zotere. Musafunse zimene simudzagwiritsa ntchito.

Tsamba la aphunzitsi silifuna zambiri: dzina, phunziro, ndi chithunzi ngati mwiniwake walola. Manambala a foni zawo asaikidwepo. Liziwunikidwa kumayambiriro kwa teremu iliyonse, ndipo amene wachoka akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo.

Chotsala ndi umwini. Dzina la webusaiti, kaya likuthera ndi .mw kapena .com, limachita kulipiridwa, nthawi zambiri chaka ndi chaka, chimodzimodzi malo osungirako webusaitiyo. Mukaiwala, imazima. Zonsezi zilembetsedwe m'dzina la sukulu, tsiku lolipira lilowe mu bajeti, ndipo mawu achinsinsi atsekeredwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Wokonza webusaiti musamumalize kumulipira mpaka aphunzitsi awiri atatulutsa chidziwitso paokha, iye atangokhala phee osakhudza kompyuta.