Mankhwala Odziulula Okha Poyeza Ayironi

Pofuna kudziwa kuchuluka kwa ayironi m'mapiritsi owonjezera magazi, akatswiri amasungunula mapiritsiwo mu asidi wa salufyuriki, kenako amadontheza potaziyamu pemanganeti, KMnO₄, pang'onopang'ono. Mankhwalawa ndi a mtundu wa pepo, koma akakumana ndi Fe²⁺ amalanda maelekitironi n'kusanduka Mn²⁺, yomwe mtundu wake suoneka. MnO₄⁻ imodzi imasandutsa Fe²⁺ zisanu kukhala Fe³⁺, choncho mamililita 20 a pemanganeti wa 0.02 M amasonyeza pafupifupi mamiligalamu 112 a ayironi.

Fe²⁺ ikatha, dontho lotsatira limasowa choligwira, ndipo madzi amasanduka a pinki wosachoka msanga. Ndicho chifukwa chake sipafunika mankhwala ena osonyezera mapeto. Asidi akachepa, m'madzimo mumaoneka matope a bulauni a MnO₂, ndipo muyesowo walakwika.