Nkhono ya m'botolo ndi mawu atatu a kukhoti

Madzulo a pa 26 Ogasiti 1928, mayi May Donoghue analowa ndi mnzawo m'kanyumba kodyera ka Wellmeadow Café m'tauni ya Paisley ku Scotland. Mnzawoyo anawagulira ayisikilimu ndi botolo la chakumwa cha jinja. Botololo linali lakuda, losaoneka zam'kati. Mayiwo anamwako, ndipo pamene chotsala chinkathiridwa m'tambula, akuti munatuluka nkhono yowola. Anadwala m'mimba mpaka kukaonana ndi madokotala.

Wophunzira zamalamulo aliyense, kaya ku Zomba kaya ku Lusaka, amakumana ndi nkhonoyi asanapite patali, chifukwa malamulo athu ambiri tinatengera ku Mangalande ndipo majaji athu amautchulabe mlanduwu. Ubwino wake ndi woti mawu atatu amene amazunguza mutu ophunzira atsopano, toti, layabo ndi afidaviti, onse ali m'nkhani imodziyi.

Vuto la mayi Donoghue linali lakuti sanagule okha chakumwacho. Ndalama inatuluka m'thumba la mnzawo, choncho panalibe kontirakiti pakati pa iwo ndi mwini malo odyera, ngakhalenso ndi David Stevenson, mwini fakitale imene inathira chakumwacho m'botolo. Sakanasuma kuti wina waphwanya pangano. Khomo lotsala linali la toti.

Mawuwa anachokera ku Chifalansa, kumene amatanthauza cholakwa, ndipo muzu wake wa Chilatini umanena za chinthu chopotoka. Toti ndi kulakwira munthu mnzako mwa njira imene lamulo limamulola kukusumira kuti umulipe, ngakhale kuti simunapanganepo chilichonse. Kuipitsa mbiri ya munthu ndi toti. Kulowa m'munda mwa eni popanda chilolezo ndi toti. Kutsekera munthu popanda chifukwa chovomerezeka ndi totinso. Koma imene imadzaza makhoti ndi ya kusasamala, imene maloya amati negilijensi. Ku Scotland kwenikweniko gawo limeneli amalitcha delikiti, koma chigamulo cha mlandu wa nkhono chinakhazikika m'malamulo a Mangalande ndi maiko amene anatengera kumeneko.

Pa 26 Meyi 1932, majaji asanu a House of Lords, khoti lomaliza la ku Britain panthawiyo, anagamula atatu kwa awiri mokomera mayiwo. Lord Atkin anafotokoza kuti munthu ayenera kusamala kuti asavulaze mnansi wake, ndipo mnansi pamalamulo ndi aliyense amene zochita zako zingamukhudze mwachindunji moti unayenera kumuganizira. Wopanga chakumwa chotsekedwa m'botolo losaoneka zam'kati amadziwa kuti palibe amene adzachiunike chisanafike pakamwa pa wakumwa. Wakumwayo ndiye mnansi wake, kaya anagula yekha kaya anamugulira.

Apa ndi pamene ophunzira amatenga mafunso amene adzawagwiritse ntchito mpaka kupuma pantchito. Kodi woyankha mlandu anali ndi udindo wosamala wodandaulayu? Kodi analephera kusamala monga akanachitira munthu woganiza bwino? Kodi kulepherako ndi kumene kunabweretsa vutolo, ndipo vutolo ndi la mtundu woti likanayembekezeka? Limodzi likasowa yankho loti inde, mlandu wagwa. Dalaivala wothamanga mopenga amene sanagunde munthu angathe kulipitsidwa ndi apolisi apamsewu, koma palibe amene angamusumire pa negilijensi, chifukwa palibe wavulala kapena kuonongekeredwa katundu.

Mafunsowo akayankhidwa mokomera wodandaula, khoti limati woyankhayo ndi layabo. Muzu wa mawuwa umanena za kumanga. Munthu amene ali layabo ndi womangika ndi lamulo kuti akonze zimene zalakwika, kawirikawiri polipira chipukuta misozi.

Ophunzira ambiri amataya malikisi pa mawu amenewa powasakaniza ndi kupezeka wolakwa pa mlandu wa upandu. Tiyerekeze kuti minibasi yagunda wanjinga pamsika. Boma lingatengere dalaivala kukhoti pa mlandu woyendetsa mosasamala. Kumeneko umboni uyenera kukhala wosasiya chikaiko chomveka, ndipo akapezeka wolakwa chilango ndi faindi yopita ku boma kapena ndende. Kawirikawiri wanjingayo sapindula ndi faindiyo. Kuti apeze ndalama ya kuchipatala ndi ya masiku amene sanagwire ntchito, ayenera kusuma yekha pa toti, ndipo kumeneko muyeso ndi wopepukirapo: jaji amangofuna kukhutira kuti nkhani ya wodandaula ndi imene ikuoneka yoona kuposa ya mnzakeyo. Nchifukwa chake dalaivala angamasulidwe kukhoti loyamba koma nkupezeka layabo kukhoti lachiwiri, pa ngozi imodzi yomweyo, popanda majaji kutsutsana.

Chodabwitsa china nchakuti munthu angakhale layabo asanagwire nkomwe chiwongolero. Mwini minibasi amene anali kunyumba akudya nsima ngozi ikuchitika amamangika ndi kusasamala kwa dalaivala wake, ngati dalaivalayo ndi wantchito wake ndipo anali pantchito. Maloya amakonda njira imeneyi pa chifukwa chosabisika: bwana ndi kampani yake ya inshulansi ndiwo ali ndi thumba lolipira.

Nanga afidaviti ikubwera pati? Mayi Donoghue anali wantchito wa m'sitolo, ndipo kutengera mlandu ku House of Lords kunkafuna ndalama ya chikole imene iwo analibe. Mu 1931 anapempha kuti awamve ngati mmphawi, ndipo analumbira polemba kuti, kupatula zovala zawo ndi mlanduwo, chuma chawo chonse sichinkakwana mapaundi asanu. Pepala limenelo linali afidaviti. Mawuwa ndi a Chilatini, otanthauza kuti walumbira.

Afidaviti ndi umboni wolembedwa umene mwiniwake amalumbirira kuti ndi woona pamaso pa munthu wololedwa kulumbiritsa, monga komishonala wa malumbiro, amene nthawi zambiri amakhala loya kapena majisitireti. Amene chikhulupiriro chake sichimulola kulumbira amatsimikiza mwalamulo, ndipo mphamvu yake ndi imodzimodzi. Imalembedwa m'ndime zokhala ndi manambala, mwiniwake akulankhula yekha: ine uje, wokhala kwakuti, ndinaona chakuti tsiku lakuti. Malisiti, makalata ndi malipoti a dokotala amamatidwa kumbuyo, chilichonse ndi chizindikiro chake. Ku Malawi, malamulo a kayendetsedwe ka milandu ya pakati pa anthu ku Khoti Lalikulu a 2017 amalitcha pepalali sitetimenti yolumbirira, koma m'makonde a khoti dzina lakale likumvekabe.

Afidaviti yolembedwa ndi wophunzira imadziwika msanga. Mumadzaza mtsutso wa malamulo ndi maina a milandu, pomwe malo ake ndi a zimene zinachitika basi. Mumapezeka za m'maluwa, zoti anthu akuti, osatchula amene ananena. Ngakhale pamene khoti limalola zongomva, monga pa mapempho a pakati pa mlandu, gwero liyenera kutchulidwa. Ena amasainiratu kunyumba nkupita ndi pepalalo kukangodinditsa, pomwe siginecha iyenera kuikidwa wolumbiritsa akuona. Ndipo bodza lolembedwa mmenemo ndi mlandu wa upandu, mofanana ndi kunama m'bokosi la mboni.

Pali chinthu chimodzi chimene ophunzira amalemba molakwika chaka ndi chaka: kuti Stevenson anapezeka layabo. Sanapezeke. Majaji aja anangogamula kuti ngati zimene mayi Donoghue ankanena zinali zoona, lamulo linkawalola kusuma, ndipo anabweza mlanduwo ku Scotland kuti mboni zikamvedwe. Stevenson anamwalira mu Novembala 1932 zimenezo zisanachitike. Oyang'anira chuma chake anagwirizana ndi mayiwo kunja kwa khoti nkulipira mapaundi 200 pa 500 imene ankafuna, ndipo palibe khoti limene linatsimikizapo kuti m'botolo muja munalidi nkhono.