Batire ikatupa: foni ndi laputopu zimachenjeza zisanayake

Pamalo okonzera mafoni mu Limbe kapena mumsika wa Lilongwe, dandaulo lina limabwera pafupipafupi: "Bwana, galasili likudzuka m'mbalimu, tandimatireni." Mwini foni amaona ngati guluu wangofooka. Wokonza wodziwa ntchito yake sathamangira guluu, amayamba watsegula foniyo kuti aone chomwe chikukankha galasilo kuchokera m'kati. Nthawi zambiri amapeza batire yomwe inali yaphwatalala itasanduka kamtsamiro. Kumata galasi pamwamba pa batire yotere n'kuifinya, ndipo batire yotupa siyenera kufinyidwa ngakhale pang'ono.

Kuti timvetse chifukwa chake, tione kaye zomwe zili m'kati. Mabatire a mafoni ndi malaputopu a masiku ano ndi a lithiamu. Mukayang'ana pachikuto mupeza palembedwa Li-ion kapena Li-Po. M'kati mwake muli timapepala tiwiri tachitsulo topyapyala kwambiri topakidwa mankhwala, tokulungidwa pamodzi, ndipo pakati pake pali kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu kamene kamatilekanitsa kuti tisakhudzane. Zonsezi zimanyowetsedwa ndi madzi amankhwala omwe sachedwa kugwira moto, kenako n'kutsekeredwa m'kathumba kofewa ka aluminiyamu. Batire ikakalamba, ikatenthedwa kapena ikalandira magetsi opitirira muyeso wake, madzi aja amayamba kuwonongeka n'kumatulutsa mpweya. Kathumbako n'kotseka, choncho mpweya umasowa kotulukira, ndipo batire imafufuma ngati paketi ya mkaka womwe wasasa.

Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa: kufufumako ndi kathumba kakugwira ntchito yake. Kakusunga mpweya woyaka komanso wapoizoni kuti usatuluke. Vuto n'loti batire yafika pamapeto ndipo sibwereranso mwakale. Palibe kuiika mufiriji, palibe kuipsinja ndi njerwa usiku wonse, palibe kuiboola ndi singano "kuti mpweya utuluke", monga ena amalangizirana. Singano ikadutsa kapulasitiki kolekanitsa kaja, timapepala tiwiri tija timakhudzana, mphamvu yonse ya batire imathamangira pamalo amodziwo, ndipo kutentha kumabala kutentha kwina mpaka batire imafuka utsi woyera kenako n'kulilima. Zimenezi zimatenga masekondi ochepa chabe. Amene akukumbukira za foni ya Samsung Galaxy Note 7 mu 2016, imene kampani inaitanitsa mafoni pafupifupi 2.5 miliyoni ndipo makampani a ndege anailetsa, adziwe kuti gwero lake linali lomweli: zolakwika pakapangidwe ka batire zinkachititsa kuti mbali ziwirizo zikhudzane.

Nanga zimayamba bwanji? Mdani wamkulu ndi kutentha. Mabatire amenewa amayenera kutchajidwa pamalo osapitirira madigiri 45, ndipo kampani ya Apple imalangiza kuti zipangizo zake zisamakhale pamalo otentha kuposa madigiri 35. Tsono taganizirani mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, komwe mpweya wokha umapitirira madigiri 40, foni ili patchaji m'nyumba ya malata, kapena yasiyidwa kutsogolo kwa galimoto dzuwa likuswa mtengo. Onjezanipo chizolowezi chogona foni ili pansi pa pilo, ili patchaji, poopa akuba kapena podikira alamu. Pilo amatsekereza kutentha konse komwe foni ikanataya.

Mdani wachiwiri ndi magetsi osalongosoka. Batire ya foni ikadzaza imafika pa 4.2V, zina kupitirira pang'ono, ndipo m'foni ndi pabatire pamakhala kachipangizo kodula magetsi ikafika pamenepo. Mabatire achinyengo otsika mtengo nthawi zina chitetezo chimenechi chimakhala chofooka, ndipo machaja opanda dzina amatha kutumiza magetsi okwera n'kutsika. Pali timachaja tina topanira batire yochotsedwa m'foni, tofala m'malo otchajitsa ndi sola. Timeneti timalambalala chitetezo cha foniyo, ndipo batire ikaiwalika pamenepo tsiku lonse imavutika. Chachitatu ndi ukalamba chabe. Batire ya foni ikadzazidwa n'kutha maulendo mazana angapo mphamvu yake imatsika, ndipo malaputopu ambiri a kaunjika amafika kuno atagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi akunja ali cholumikizidwa kumagetsi usana ndi usiku. Batire yokhala yodzaza nthawi zonse, pamalo ofunda, ndi imene imafulumira kutupa.

Tiyeni titenge laputopu yotereyi n'kuitsatira. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri sichioneka ngati cha batire n'komwe. Kamalo koyendetsera chala kaja, komwe kamalowa m'malo mwa mausi, kamayamba kuuma: ukadina sikalira bwinobwino, mwina mbali imodzi yokha ndiyo ikuyankha. Chifukwa chake n'choti m'malaputopu ambiri opyapyala batire imakhala pansi penipeni pa kamaloka, choncho ikatupa imakakankhira m'mwamba. Pakapita masabata angapo laputopu imayamba kugwedera ikaikidwa patebulo lafulati, chivundikiro sichitsekeka mpaka pansi, ndipo m'mbali mumaoneka mpata pomwe zigawo ziwiri za chikuto zimakumana. Mukaiyang'ana chambali, maso ali pamzere umodzi ndi tebulo, mumaona kamtumbira pakati. Ngati ndi ya Windows, pali njira yoonera kukalamba kwa batire. Tsegulani Command Prompt n'kulemba:

```
powercfg /batteryreport
```

Kompyuta imapanga lipoti. M'menemo yerekezani manambala awiri, Design Capacity, yomwe ndi mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano, ndi Full Charge Capacity, mphamvu imene ikutha kusunga lero. Ngati yachiwiriyo yatsika kufika theka la yoyamba, batire yatopa kwambiri. Koma lipotili silinena zoti batire yatupa. Zimenezo amanena ndi maso ndi manja anu.

Pafoni zizindikiro n'zofananako. Galasi limadzuka m'mphepete mpaka kuwala kumatulukira m'mbali, chikuto chakumbuyo chimasomphoka, kapena pagalasi pamaoneka banga loyererako pomwe batire ikukankha. Mafoni a mabatani ndi ena omwe batire yake imachotsedwa ndi osavuta kuwayeza: ikani batire patebulo losalala n'kuizunguza ndi chala. Yabwino imakhuta tebulo ndipo imakana kuzungulira, yotupa imazungulira mosavuta chifukwa yatsamira pamimba. Ndipo mukaona kuti chivundikiro chikufuna lastiki kuti chitsekeke, lastikiyo si mankhwala. Chizindikiro choopsa kuposa zonse ndi fungo lotsekemerako, lofanana ndi la mankhwala ofufutira utoto wa m'zikhadabo. Limasonyeza kuti kathumba kang'ambika. Fungo limeneli likaphatikizana ndi kutentha kosagwirika kapena kaphokoso ka mpweya wotuluka, nthawi yokambirana yatha. Tulutsani chipangizocho panja.

Mukatsimikiza kuti batire yatupa, chinthu choyamba ndi kuzula chaja ndipo osaibwezeranso, ngakhale "kwa mphindi zisanu kuti nditumize kandalama". Batire yodzaza ikang'ambika imayaka mwaukali kuposa yomwe yatsala pang'ono kutha, n'chifukwa chake okonza odziwa amafuna kuti mphamvu ikhale pansi pa 25 peresenti asanaichotse. Ngati chipangizocho sichikutentha kapena kununkha, chiikeni pasimenti kapena panjerwa, kutali ndi makatani, matiresi ndi mafuta, pomwe mukuchiona, chithe mphamvu pachokha. Nthawi imeneyi ndiyo yopulumutsa zithunzi, manambala ndi mafayilo. Ngati chikutentha, chizimitseni basi. Popita nacho kwa okonza musachiike m'thumba la thalauzi momwe mungachikhalire mu minibasi, ndipo laputopu musaikakamize kutsekeka kapena kuithinitsa pakati pa mabuku.

Batire yomwe imachotsedwa ndi dzanja mutha kuichotsa nokha, mwaulemu, osagwiritsa ntchito mpeni. Yomatidwa m'kati asiyireni okonza, koma muziona momwe akugwirira. Wodziwa amagwiritsa ntchito timapulasitiki tosathwa, amakoka timizere ta guluu ta pansi pa batire kapena kufewetsa guluuyo ndi sipiriti wotsukira zamagetsi. Mukaona wina akutenga sikuludiraiva kuti aitunde, kapena akulozetsa makina a mpweya wotentha pabatire yotupa, tengani katundu wanu mupite kwina. Funsaninso kuti batire yatsopanoyo yachokera kuti. Yochotsedwa m'foni ina yakufa ikhoza kukubwezerani pomwe munali m'miyezi yochepa.

Ikayaka ndiye bwanji? Utsi wake ndi woipa kwambiri m'mapapo ndi m'maso, choncho tulutsani ana, tsegulani zitseko, ndipo musaweramirepo. Ngati chaja ikadali kukhoma, zimitsani magetsi kaye. Kenako thirani madzi ambiri kapena kwirirani ndi mchenga. Pa batire yaing'ono ya foni kapena laputopu madzi amathandiza chifukwa amaziziritsa. Musaitole ndi manja moto ukangozima, chifukwa batire ya laputopu ili ndi zigawo zingapo ndipo china chikhoza kuyaka pambuyo pake. Isiyeni panja mpaka mawa lake.

Tsopano nkhani yovuta ndi kotaya. Kwathu kuno zinyalala zimapita kudzala n'kutenthedwa madzulo, kapena zimanyamulidwa kupita kumtaya ngati wa Mzedi ku Blantyre, komwe anthu amafukula ndi manja ndipo moto sukhalitsa kubuka. Batire ya lithiamu ikalowa pamoto imaphulika n'kumwaza zidutswa, ndipo nthawi zambiri amene amakhala pafupi ndi dzala ndi mwana wotumidwa kukasonkhezera. Ena amaponya m'chimbudzi chokumba poganiza kuti athana nayo, koma kathumba kakadzaola, zitsulo monga kobati ndi mankhwala aja zimatsikira m'nthaka momwe muli madzi a zitsime. Njira ziwirizi, kunena mosapsatira, n'zosayenera.

Chomwe mungachite pakhomo n'chosavuta. Matani selotepi yakuda ya zamagetsi pa timano tachitsulo ta batire kuti tisakhudzane ndi chitsulo china. Tengani chitini, monga cha penti chotsukidwa bwino, thiranimo mchenga wouma, ikani batire pakati n'kuikwirira, ndipo ngati ndi angapo asagundane. Chivundikiro chingokhala pamwamba, chisathine, kuti mpweya ukatuluka usaphulitse chitini. Chisungeni pamthunzi, posafika mvula ndi ana, kunja kwa chipinda chogona. Mchengawo ndi malo odikirira chabe. Funsani kusitolo yovomerezeka ya mtundu wa foni yanu ngati amalandira mabatire akale, kapena ku ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo yanu, ngakhalenso kubungwe la MEPA, lomwe limayang'anira zinyalala zoopsa m'dziko muno, kuti akulozereni otolera zinyalala zamagetsi omwe ali ndi chilolezo. Amene ali ku Joni kapena ku Mangalande angapeze mabokosi otolera mabatire m'masitolo akuluakulu, koma yotupa siponyedwa m'bokosi limodzi ndi anzake. Imaperekedwa m'manja mwa wogwira ntchito pamalo otolera zinyalala, n'kumuuza kuti ndi yowonongeka. Ndipo musaitumize kumudzi pa ndege kapena papositi kuti "akakonze kumeneko": batire yowonongeka ndi yoletsedwa m'katundu wa pandege, kaya wam'manja kaya wapansi.